Nyali ya READY pa galimoto za haibulidi: injini ikakhala chete sizitanthauza kuti galimoto yazima

Dandaulo limene amakaniko amalimva kawirikawiri kwa anthu amene angoyamba kumene kuyendetsa galimoto ya haibulidi, imene imayendera petulo ndi magetsi, ndi lakuti galimotoyo ikudziliza yokha. Mwiniwake amafotokoza kuti anaiimika madzulo ili phee, anatuluka n'kukalowa m'nyumba, koma pakati pa usiku anamva injini ikulira, kenako inasiya, ndipo patapita kanthawi inayambiranso. Ena samva chilichonse, amangopeza m'mawa boneti ili yofunda ndiponso petulo atatsika ngakhale kuti galimotoyo sinasunthe. Ambiri amathamangira kuganiza kuti mawaya asokonezeka kapena kompyuta ya galimoto yawonongeka, koma pafupifupi nthawi zonse palibe chimene chawonongeka. Galimotoyo siinazimitsidwe n'komwe, ndipo munthu akanayang'ana pa dashibodi asanatuluke akanaona mawu obiriwira akuti READY akuyakabe.

Gwero la vutoli ndi chizolowezi cha makutu. Amene anaphunzirira kuyendetsa pa galimoto ya petulo kapena dizilo wamba anazolowera kuti phokoso ndi kunjenjemera kwa injini ndiwo umboni wakuti galimoto ndi yoyaka, ndipo zikasiya ndiye kuti yazima. Pa haibulidi umboni umenewu sugwira ntchito, chifukwa injini ya petulo ndi mbali imodzi chabe ya zimene zimayendetsa galimoto, ndipo amene amasankha nthawi yoiliza kapena kuizimitsa si dalaivala koma kompyuta. Zitsanzo za m'nkhani ino zachokera makamaka ku galimoto za Toyota, monga Prius imene inayamba kugulitsidwa ku Japan mu Disembala 1997 ndi Aqua imene inatuluka mu 2011, popeza ndi zimene zili zambiri m'misewu. Makampani ena amagwiritsanso ntchito mawu omwewo a READY, pamene ena amaika kachithunzi kobiriwira ka galimoto kokhala ndi muvi woloza kutsogolo ndi kumbuyo, koma tanthauzo lake ndi limodzi.

Chimene chimachitika mukadina batani

Galimoto ya haibulidi ili ndi mabatire awiri amene ntchito zawo n'zosiyana kwambiri. Pali batire laling'ono la mavoti 12, lofanana ndi la galimoto ina iliyonse, limene limayatsa makompyuta, nyali, wailesi ndi maloko a zitseko. Palinso batire lalikulu limene limapatsa mphamvu mamota oyendetsa matayala, ndipo pa Prius ya m'badwo wachiwiri ndi wachitatu limakhala la mavoti 201.6, pamene pa Aqua yoyambirira ndi la mavoti 144. Galimoto ikakhala yozima, batire lalikululi limakhala lodulidwa kotheratu ku galimoto yonse, chifukwa pa bokosi lake pali masiwichi akuluakulu amene amangokhala otseguka mpaka atalamulidwa ndi kompyuta.

Mukaponda buleki n'kudina batani la POWER, batire laling'ono limadzutsa makompyuta, makompyutawo amatsimikiza kuti kiyi ili m'galimoto, amayesa ngati pali vuto lililonse pa mbali ya magetsi amphamvu, kenako amatseka masiwichi aja motsatizana. Ngati mwazimitsa wailesi ndipo mwatchera khutu, mumamva timaphokoso ta "thi, thi" tochokera kumbuyo kwa mpando wakumbuyo kapena pansi pake, ndipo pasanathe masekondi angapo READY imayaka limodzi ndi kulira kamodzi kwa belu. Kuyambira pamenepo magetsi amphamvu ali m'mawaya amtundu wa lalanje amene amachoka ku batire kupita kutsogolo, mota ndi yokonzeka kuzungulitsa matayala, ndipo injini yapatsidwa chilolezo cholira nthawi ina iliyonse popanda kukufunsaninso. Choncho READY ndi yofanana ndendende ndi injini imene ikulira pa galimoto wamba, ngakhale kuti simukumva kalikonse. Nyaliyi ikamathwanima ndiye kuti galimoto ikadali pokonzekera, ndipo muyenera kupitiriza kuponda buleki osasuntha giya mpaka itayaka mokhazikika.

Pali nyali ina imene imasokoneza anthu, ya EV, imene imayaka ndi kuzima pafupipafupi paulendo. Iyo imangonena kuti pakadali pano injini yapuma ndipo galimoto ikudalira magetsi okha. Nyali ya EV ikayaka galimoto itaima, ndi chizindikiro chakuti galimotoyo ndi yoyaka, osati yozima.

Chifukwa chake injini imadzuka yokha

Galimoto za Toyota za mtundu umenewu zilibe sitata kapena alitaneta monga tinazolowera. Injini imalizidwa ndi mota ina ya magetsi amphamvu imene ili mkati mwa giyabokosi, ndipo mota yomweyo ndi imene imasanduka jenereta yotchajira batire lalikulu injini ikangolira. N'chifukwa chake kulira kwake kumakhala kwadzidzidzi ndiponso kosalala, popanda phokoso lija la sitata limene likanachenjeza munthu amene waima pafupi. Zifukwa zimene kompyuta imalizira injini galimoto ili chiimire ndi zitatu makamaka: batire lalikulu latsika, injini ndi chosefera utsi cha mu ekizozi zazizira ndipo zikufunika kutenthedwa, kapena mwayatsa hita imene imatenga kutentha kwake ku madzi a mu injini.

Tiyeni titsatire chitsanzo chimodzi mwatsatanetsatane, cha Prius ya m'badwo wachitatu, imene inapangidwa kuyambira 2009 mpaka 2015. Batire lake lalikulu likadzaza limasunga mphamvu pafupifupi yuniti 1.3, ndipo yuniti imodzi ndi mphamvu imene chipangizo cha mawati 1,000 chimadya pa ola limodzi. Imeneyi ndi mphamvu yochepa kwambiri, komanso kompyuta siilola kuti yonse igwiritsidwe ntchito. Pofuna kuti batire likhalitse, imalisunga pakati pa maperesenti pafupifupi 40 ndi 80, ndipo timizere tisanu ndi titatu timene mumaona pa sikirini timaimira kagawo kameneka kokha, osati batire lonse.

Tiyerekeze kuti dalaivala wafika pakhomo batire lili pa maperesenti 60, choziziritsira mpweya chili choyaka. Mamita omalizira wayenda pang'onopang'ono ndi magetsi okha, moti injini inazima kale asanaime. Wadina batani la P, foni yalira, waiyankha uku akutenga katundu pa mpando wakumbuyo, ndipo watseka chitseko n'kumapita kiyi ili m'thumba. M'makutu mwake zonse zili bwino. Koma kuchoka pa maperesenti 60 kufika pa 40 pali mphamvu yokwana pafupifupi kota ya yuniti basi. Choziziritsira mpweya cha galimoto imeneyi chimayendera magetsi a batire lalikulu, osati lamba wa injini, ndipo tikati icho pamodzi ndi makompyuta, mapampu ndi mafani zikudya mawati 1,000, kota ya yuniti ija imatha pa mphindi pafupifupi 15. Chikanakhala chozima, n'kungotsala zinthu zodya mawati mazana atatu, batire likanapirira pafupifupi ola. Mulimonsemo, timizere tikatsika kufika pa tiwiri, injini imalira, imatchaja kwa mphindi zingapo, n'kuzimanso.

Mfundo yofunika kuigwira pa chiwerengero chimenechi ndi yakuti nthawi ya bata ndi yotalika mokwanira kuti munthu achoke, alowe m'nyumba, mwinanso agone, asanamve chilichonse. Ndipo zimenezi zimabwerezabwereza usiku wonse. Thanki ya galimotoyi imalowa malita 45, ndipo popeza injini imangolira mwa apo ndi apo, petulo amatha pang'onopang'ono kwambiri, moti galimoto yodzaza thanki ikhoza kukhala ikudzuka ndi kugona chotero kwa masiku angapo. Batire laling'ono silifa ayi, chifukwa READY ikakhala yoyaka limatchajidwa mosalekeza kuchokera ku batire lalikulu. M'mawa mwake mwini galimoto amaipeza yathanzi, ndipo akaponda buleki n'kudina POWER poganiza kuti akuiliza, amadabwa kuona dashibodi yonse ikuzima. Chizindikiro chimenechi chokha n'chokwanira kutsimikizira chimene chinachitika, ndipo palibe chifukwa choitanira makaniko.

Mmene mungadziwire musanachoke

Galimoto imayesetsa kuchenjeza, kungoti machenjezo ake ndi ofatsa ndipo amafanana ndi mabelu ena ambiri amene dalaivala anasiya kale kuwalabadira, monga a lamba ndi a chitseko. Mukatuluka ndi kiyi READY ikuyaka n'kutseka chitseko, galimoto zambiri za Toyota zimaliza belu lakunja katatu mofulumira, ndipo pa sikirini pamatuluka uthenga wonena kuti kiyi sikupezeka. Pa galimoto zimene zinapangidwira msika wa ku Japan uthengawo umakhala m'Chijapani, ndipo amene satha kuwerenga chinenerocho amangouona ngati zolembalemba zina. Mwayi wake ngwakuti mawu a READY amalembedwa chimodzimodzi pa galimoto zonsezi.

Chenjezo lodalirika koposa, m'kuona kwanga, ndi loko. Mukakhudza chogwirira chitseko kuti mukhome galimoto imene ikadali yoyaka, imakana kukhoma ndipo imaliza belu lalitali losadukiza kwa masekondi angapo. Anthu ambiri akamva zimenezi amaganiza kuti chitseko china sichinatsekeke bwino, amazungulira galimoto akumenyetsa zitseko, ndipo zikakanikabe amatulutsa kakiyi kachitsulo kamene kamabisika mu rimoti n'kukhoma pamanja. Pamenepo amakhala atagonjetsa chitetezo chimene chimafuna kuwathandiza. Galimoto ya haibulidi ikakana kukhoma, chinthu choyamba kuchita ndi kusuzumira pa windo n'kuona ngati dashibodi yazima, ndipo zitseko muziyang'ana pambuyo pake.

Kiyi payokha siizimitsa galimoto. Imafunika pa nthawi yoliza pokha, ndipo READY ikangoyaka mukhoza kupita nayo kutali, galimoto n'kumayakabe. Zinapangidwa dala chotero kuti galimoto isazime pakati pa msewu kabatire ka mu kiyi kakafooka, koma zotsatira zake n'zakuti munthu wina aliyense akhoza kulowa m'galimoto imene mwaisiya pa READY, kuponda buleki, kulowetsa giya ndi kuchoka nayo popanda kiyi.

Kuzimitsa koyenera sikovuta, koma kumafuna kuti maso achite ntchito imene makutu ankachita kale. Imani kotheratu, phazi likhale pa buleki, ikani giya pa P, kokani kapena pondani handibuleki, dinani POWER kamodzi, ndiyeno dikirani kufikira mutaona READY itazima komanso manambala a liwiro atachoka pa dashibodi musanagwire chitseko. Pali msampha umodzi pa galimoto zimene zili ndi ndodo ya giya yachizolowezi, monga Aqua yoyambirira. Mukadina POWER ndodoyo isali pa P, READY imazimadi, koma galimoto siizima yonse. Imagwera pa ACCESSORY, wailesi imapitiriza kulira, batire laling'ono limayamba kutha, ndipo matayala sakhala okhomedwa. Zikatero kankhirani ndodo pa P, kenako dinaninso batani popanda kuponda buleki mpaka zonse zitazima. Prius yokhala ndi kandodo kamagetsi kamene kamabwerera pakati payokha imadzilowetsa pa P mukadina POWER itaima, ndipo amene amasinthasintha pakati pa mitundu iwiriyi ndi amene amakodwa kwambiri.

Ndi bwino kudziwanso kuti phokoso nalonso si umboni wakuti galimoto ndi yoyaka. Mukangotsegula chitseko cha dalaivala, ngakhale musanadine kalikonse, mumamva kulira kwa pampu kutsogolo kwa masekondi angapo, ndipo imeneyo ndi pampu ya mabuleki imene ikukonzekeretsa mphamvu. Mukazimitsa, mumamvanso masiwichi aja akutseguka. Zimenezi n'zachibadwa ndipo sizikusowa kukonzedwa.

Kuopsa kwa utsi m'malo otsekeka

Petulo wotayika ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi zimene zimachitika galimoto ikasiyidwa pa READY m'galaja yotseka, makamaka yolumikizana ndi nyumba. Utsi wa injini uli ndi mpweya wa kaboni monokisaidi, umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umamatirira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200. Chosefera utsi cha mu ekizozi chimachotsa wambiri mwa mpweya umenewu pokhapokha chikakhala chotentha, koma injini imene imalira mphindi zochepa n'kupuma nthawi yaitali imachipatsa mpata wozizira, ndipo m'chipinda chotseka mmene mpweya wabwino ukucheperachepera, petulo sapsa mokwanira moti poizoniyo amawonjezeka. Zizindikiro zoyamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, zimene munthu wogona sazimva n'komwe.

Zimenezi zinachitikapo. Mu 2015 kampani ya General Motors inaitanitsa galimoto za haibulidi za Chevrolet Volt pafupifupi 64,000 za zaka za 2011 mpaka 2013 kuti ikaikemo pulogalamu yozimitsa galimoto yokha ikasiyidwa yoyaka, chifukwa madalaivala ankatuluka osazimitsa ndipo injini inkadzalira batire likatha. Mu 2018 nyuzipepala ya New York Times inawerenga anthu osachepera 28 amene anamwalira ku America kuyambira 2006 chifukwa cha utsi wa galimoto zolizira pa batani zimene zinasiyidwa zoyaka, ngakhale kuti chiwerengerocho chinaphatikiza galimoto za petulo wamba zokhala ndi injini zofatsa. Galimoto zambiri zatsopano tsopano zimadzizimitsa zikakhala pa P kwa nthawi inayake, koma zakale zilibe chitetezo chimenechi, ndipo si nzeru kuganiza kuti yanu ili nacho musanachipeze cholembedwa m'buku lake.

Mukapeza galimoto imene yagona pa READY m'galaja yotseka, musathamangire kulowa kuti mukaizimitse. Tsegulani chitseko chachikulu muli kunja, tulutsani anthu onse m'nyumba, tsegulani mawindo, ndipo lolani mpweya udutse kaye. Aliyense amene akumva mutu kapena chizungulire apite kuchipatala ndipo akanene momveka kuti wapuma utsi wa galimoto, chifukwa zizindikirozi zimafanana ndi za matenda ena ambiri. Ngati galaja yanu ndi yolumikizana ndi nyumba, kachipangizo kolira kakamva kaboni monokisaidi n'koyenera kuikidwa pafupi ndi zipinda zogona.

Galimoto imene imanyamuka yokha

Vuto lachiwiri limachitika mwachangu kuposa loyamba. Dalaivala amaima pa geti, injini ili chete, amaiwala kuti giya ili pa D, n'kuchotsa phazi pa buleki kuti atuluke. Mota yamagetsi inakonzedwa kuti izikankha galimoto pang'onopang'ono buleki ikamasulidwa, potsanzira galimoto ya otomatiki wamba, choncho galimoto imayamba kuyenda mwakachetechete mwendo umodzi wa dalaivala uli kale pansi. Galimoto imaliza belu losadukiza mukatsegula chitseko giya isali pa P, ndipo zina zatsopano zimadzilowetsa pa P, koma zakale zimangolira n'kumapitabe. Zikakuchitikirani mukadali pa mpando, pondani buleki mwamphamvu musanachite china chilichonse, ndipo onetsetsani kuti phazi lagwera pa buleki, chifukwa mota yamagetsi imapereka mphamvu yake yonse nthawi yomweyo mukaponda mafuta molakwitsa.

Anthu amene ali kunja nawonso amanyengedwa ndi bata lomweli, makamaka ana ndi anthu osaona, amene amadutsa kumbuyo kwa galimoto poganiza kuti ndi yoimikidwa. Pa chifukwa chimenechi mayiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya analamula kuti mitundu yatsopano ya galimoto zamagetsi ndi za haibulidi kuyambira Julaye 2019, ndiponso galimoto zonse zatsopano za mtunduwu kuyambira Julaye 2021, zizikhala ndi kasipika kotulutsa phokoso zikamayenda mpaka pa liwiro la makilomita 20 pa ola komanso zikamabwerera m'mbuyo. Kasipikako kamathandiza galimoto ikamayenda, koma ikakhala pa P nthawi zambiri kamakhala chete, kotero sikakuuzani ngati mwazimitsa kapena ayi.

Ena pothawa vuto la galimoto yonyamuka yokha amazolowera kuika giya pa N akamadikira munthu. Pa haibulidi za Toyota zimenezi zimabweretsa vuto lina, chifukwa pa N mota ija imene imagwira ntchito ya jenereta imamasulidwa ndipo batire lalikulu silitchajidwa ngakhale injini ikulira. Mukakhala nthawi yaitali pa N choziziritsira mpweya chili choyaka, batire limatsika kupitirira malire ake ndipo galimoto imayamba kuchenjeza kuti mulowetse P. Podikira, giya yoyenera ndi P.

Dashibodi yayaka koma READY palibe

Vuto lomweli limabweranso chozondoka. Dalaivala wadina batani, nyali zonse za pa dashibodi zayaka, wailesi ikulira, fani ikuuzira, ndipo popeza anauzidwa kuti haibulidi imayaka mwakachetechete, amakhulupirira kuti galimoto yalira. Akafuna kulowetsa D, galimoto imakana kapena siisuntha, chiwongolero n'cholimba, ndipo mpweya wa choziziritsira sukuzizira. Chimene chachitika n'chakuti batani linadinidwa buleki isanapondedwe mokwanira. Popanda buleki, kudina koyamba kumapereka ACCESSORY, kwachiwiri kumapereka IGNITION ON, kwachitatu kumazimitsa, ndipo m'magawo awiri oyambawo masiwichi a batire lalikulu amakhalabe otseguka. Chilichonse chimene chikuyaka chikudya batire laling'ono popanda chobwezeretsa, ndipo batire limeneli pa haibulidi limakhala locheperako chifukwa silinapangidwire kuzungulitsa sitata. Amene akufuna kumvera wailesi kwa nthawi yaitali akudikira achita bwino kukhala pa READY, giya ili pa P, koma pa malo otseguka pokha.

Ngati mwaponda buleki mwamphamvu n'kudina koma READY siikubwerabe, yambani ndi zinthu zophweka. Pemphani wina ayang'ane ngati nyali za buleki zakumbuyo zikuyaka mukaponda, chifukwa zikapanda kuyaka, kasiwichi ka pa buleki n'kamene kangakhale kolakwa, ndipo kompyuta siikudziwa kuti mwaponda. Ngati pa sikirini pakuoneka chizindikiro cha kiyi, gundanitsani rimoti ndi batani la POWER uku mukuponda buleki, dikirani belu, kenako dinani, popeza njira imeneyi imagwira ntchito ngakhale kabatire ka mu rimoti katafa. Pa haibulidi zotchajira ku magetsi a m'nyumba, READY siiyaka chingwe chotchajira chikadali cholumikizidwa.

Koma wolakwa wamkulu amakhala batire laling'ono, ndipo limavuta kulizindikira chifukwa palibe sitata yolira mofooka imene ikanakuchenjezani masiku angapo m'mbuyomo. M'malo mwake mumaona nyali zothwanimathwanima, mauthenga ochenjeza ambirimbiri osagwirizana, kapena kumva masiwichi akugogoda osagwira, ndipo anthu ena amafika poopa kuti batire lalikulu lafa. Mita yoyezera magetsi imathetsa mkangano. Galimoto itazima kwa maola angapo, batire labwino limaonetsa mavoti pakati pa 12.4 ndi 12.7, ndipo likaonetsa pansi pa 12 ndiye kuti latsika kwambiri kapena lakalamba. READY ikayaka, mita yomweyo imakwera kufika pa mavoti pafupifupi 14 ngakhale injini ili chete, chifukwa magetsi ayamba kubwera kuchokera ku batire lalikulu. Muyeso umenewu ndi umboni wina wosatsutsika wakuti galimoto ndi yoyaka. Ngati batire laling'ono lili bwino koma READY ikukanabe ndipo pakuyaka chenjezo lofiira la makona atatu, ndiye kuti kompyuta yapeza vuto lenileni ndipo yakana dala kulumikiza magetsi amphamvu. Pamenepo lekani kudinadina, ndipo galimoto ikawerengedwe ndi makina oyezera amene amatha kuwerenga mbali ya haibulidi.

Musanatsegule boneti

Amene amavulala kapena kuwononga katundu wambiri ndi bata la haibulidi ndi amene amagwira ntchito pa injini. Taganizirani galimoto imene yabwera kudzasintha oyilo. Mwiniwake waiimika pa malo okwezera, wadina P, watuluka n'kusiya kiyi pa mpando, ndipo wothandizira makaniko, pomva kuti zonse zili zii, walowa pansi n'kumasula bawuti yotulutsira oyilo. Patapita mphindi khumi kapena makumi awiri, batire lalikulu latsika monga tawerengera kale, ndipo injini yalira ilibe oyilo ngakhale dontho, munthu ali pansi pake. Zomwezi zingachitikenso dzanja lili pafupi ndi fani ya rediyeta kapena pule ya injini, paipi ya petulo ili yomasula, kapena chosefera mpweya chitachotsedwa. Pomwetsa mafuta napo lamulo lozimitsa injini limatanthauza kuzimitsa READY.

Choncho amene akulandira galimoto asadalire mawu a mwiniwake. Alowe yekha, aone dashibodi, azimitse ngati READY ikuyaka, kenako atenge kiyi n'kukaiika kutali. Malangizo a Toyota kwa opulumutsa anthu pa ngozi amati kiyi ikhale pa mtunda wa mamita osachepera 5, kuti munthu wina akadina batani mwangozi galimoto isayake. Pa ntchito yaikulu amachotsanso waya wa negetivu pa batire laling'ono, chifukwa popanda mavoti 12 masiwichi a batire lalikulu sangatsekeke. Ngakhale zitatero, mawaya amtundu wa lalanje ndi bokosi limene amalowamo pansi pa boneti si zogwira ndi manja. Mkati mwa bokosilo magetsi amakwezedwa mpaka mavoti 650 pa Prius ya m'badwo wachitatu, ndipo mphamvu ikhoza kutsalamo mpaka mphindi 10 galimoto itazimitsidwa. Ntchito ya pamenepo ndi ya munthu wophunzitsidwa, wovala magolovesi oteteza ku magetsi amphamvu, amene amazula kaye pulagi yachitetezo ya pa batire, kudikira nthawi imeneyo, ndi kuyeza ndi mita asanakhudze chilichonse.

Pa ngozi ya pamsewu dongosolo lake ndi lomwelo, kungoti pali chinthu chimodzi chosamala nacho. Galimoto imene yagunda n'kukhala chete ikhoza kukhala ikadali pa D, phazi la dalaivala wovulala lili pafupi ndi popondera mafuta, choncho iyandikireni cham'mbali osati kutsogolo kapena kumbuyo, ikani zotsekera kumatayala, kokani handibuleki ndi kulowetsa P ngati n'kotheka. Kenako yang'anani dashibodi. READY ikakhala ikuyaka, dinani POWER kamodzi n'kuonetsetsa kuti yazima. Dashibodi ikakhala yakuda kale, musadine batanilo, chifukwa kiyi ikadali m'thumba la dalaivala ndipo ngati phazi lake lapanikiza buleki, kudina kwanu kudzailiza galimotoyo m'malo moizimitsa.